Kusintha nyale yakudenga m'chipinda cha lendi: mmene mungadziwire waya wamoto, nyutulo ndi wapansi

Mlongo wanga amachita lendi chipinda ku Ulongwe, m'boma la Angoniya ku Mozambiki. Chogwirira babu cham'chipindamo chinapsa mpaka kuda, babu n'kumangophethira munthu akamenyetsa chitseko. Mwana wa achimwene, yemwe anaphunzirako zamagetsi kutsidya ku Dedza, anakwera pa tebulo, anazimitsa swichi yapakhoma, naona mawaya atatu: wakuda, wabuluu ndi wobiriwira wa mzera wachikasu. Iye anazolowera kuti wakuda ndi nyutulo, choncho anaugwira ndi zala. Unamutaya pansi. Mwayi wake anagwera pa matiresi, koma dzanja linachita dzanzi tsiku lonse.

Analakwitsa ziwiri, ndipo ndi zomwe ambiri timalakwitsa kuno kumalire. Anakhulupirira mtundu wa waya, anakhulupiriranso swichi yapakhoma. Ndinapita mawa lake kukamaliza ntchitoyo, ndipo ndondomeko ili m'munsiyi ndi yomwe ndinatsata.

Zofunika kukhala nazo musanakwere

- Tesita, kasikuludiraiva kokhala ndi kanyale mkati, komwe m'masitolo a ku Tete amati busikapolo
- Mita yoyezera magetsi ya mawaya awiri, wofiira ndi wakuda. Ngati mulibe, bwerekani. Tesita payokha siyokwanira.
- Masikuludiraiva awiri okutidwa pulasitiki, yaphwatalala ndi yamtanda
- Pulayala yodulira ndi kusendera waya
- Tizolumikizira ta pulasitiki ta timasikuluwu tiwiritiwiri, togulitsidwa mumzere n'kumadula
- Tepi yamagetsi ndi cholembera
- Nyale yatsopano ndi masikuluwu ake
- Makwerero athabwa kapena tebulo lolimba, nsapato za mphira zouma, tochi
- Munthu wachiwiri woti akhale pansi

Gwirani ntchitoyi m'mawa. Masana a Okutobala ndi Novembala mumzinda wa Tete kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo pansi pa malata thukuta limachita kuyenderera. Khungu lonyowa limalowetsa magetsi mosavuta kuposa louma.

Yambani mwalankhula ndi eninyumba

Denga si lanu. Auzeni abambo kapena amayi eninyumba chomwe chawonongeka, awonetseni, ndipo mugwirizane ngati ndalama ya nyaleyo ichotsedwe pa lendi kapena mudzaichotsa posamuka. Mawu amenewo akhale pa uthenga wa pafoni kuti mawa pasadzakhale kukanirana. Nyale yakale, ngakhale yopsa, isungeni m'jumbo.

Malire anu ndi nyale yokha. Mita ya mayunitsi ya Credelec, chidindo chake ndi waya wochokera pa mtengo ndi za kampani ya magetsi ya EDM, musazikhudze. Mukapeza vuto m'khoma kapena m'bokosi la magetsi, imeneyo ndi nkhani ya eninyumba ndi mmisiri wawo.

Chifukwa chake mtundu wa waya umanamiza kuno

M'nyumba za ku Angoniya, Zobwe, Mowatize ndi Tete mumakumana miyambo iwiri. Mwambo wa ku Ulaya, womwe amisiri ambiri a m'Mozambiki amatsata, umati waya wamoto, womwe amati fazi, ndi wabulawuni, wakuda kapena wotuwa, nyutulo ndi wabuluu, ndipo wapansi, womwe amati tera, ndi wobiriwira wa mzera wachikasu. Mwambo womwe uli m'nyumba zambiri za ku Malawi ndi ku Joni umati wamoto ndi wofiira, nyutulo ndi wakuda, wapansi ndi wobiriwira, kapenanso waya wosavala kanthu.

Taonani pomwe pali msampha. Waya wakuda mbali ina ndi nyutulo, mbali ina ndi wamoto. Ndiye onjezerani nyumba zomwe mmisiri anagula mpukutu umodzi wokha n'kukoka mawaya onse amtundu umodzi, kapena waya unamuthera pakati n'kulumikiza wina womwe unalipo. Mtundu umangokupatsani poyambira kuganiza. Chonena zoona ndi mita.

Ntchito za atatuwa n'zosavuta kumva. Wamoto umabweretsa mavoti pafupifupi 220. Nyutulo ndi njira yobwerera, ndipo ukakhala bwino umakhala pafupi ndi 0. Wapansi sugwira ntchito tsiku ndi tsiku: umangodikira tsiku lomwe wamoto udzakhudze chitsulo cha nyale, kuti moto uthawire kumeneko, buleka, swichi yodzizimitsa yokha ya m'bokosi la magetsi, igwe, m'malo modutsa m'thupi la munthu.

Ndondomeko

1. Yesani kaye zida zanu. Magetsi akadali oyaka, lowetsani tesita m'soketi yomwe mukudziwa kuti ikugwira ntchito, chala chili pa kachitsulo kakumapeto. Bowo limodzi liyatse kanyale. Kenako ikani waya wakuda wa mita pa COM, wofiira pa bowo la V, tembenuzirani pa V~ pa nambala 600 kapena 750, n'kuyeza soketi yomweyo. Muone nambala yapafupi ndi 220. Chenjezo: waya wofiira ukakhala pa bowo lolembedwa 10A n'kuyeza soketi, mita itha kuphulika m'manja.

2. Zimitsani pa bokosi, kenako chotsani babu. Bokosi la magetsi, lomwe ambiri amati kwadulu, lili ndi mabuleka angapo, ndipo ya nyale nthawi zambiri imalembedwa 10 A. Koma m'nyumba za lendi zolembazo sizidalirika. Ine ndimagwetsa buleka yaikulu, nyumba yonse izime. Mphindi 40 zopanda magetsi siziwononga nsomba m'filiji.

Pamene zipinda zingapo zikudya mita imodzi, uzani aliyense, mpaka ana. Matani tepi pa buleka ndi kapepala koti "Musayatse, munthu ali padenga." Mnzanu wapansi uja ntchito yake ina ndi kulondera bokosilo.

Musayambe ntchito chifukwa choti magetsi athima okha kapena mayunitsi atha. Mneba akangolowetsa manambala mu mita, kapena EDM ikabweza magetsi, moto umafika inu mawaya ali m'manja. Funsaninso ngati pakhomopo pali jenereta kapena batire la sola lolumikizidwa ku mawaya a nyumba.

3. Tsegulani nyale yakale, muyeze musanagwire. Masulani chivundikiro pogwira pulasitiki yokha. Gusitsani tesita pa kasikuluwu kalikonse. Kenako ndi mita yezani awiriawiri: woyamba ndi wachiwiri, woyamba ndi wachitatu, wachiwiri ndi wachitatu. Ponse pakhale 0. Chitani zimenezi swichi yapakhoma ili mbali zonse ziwiri. Popeza nyumba yonse yazima, mita yanu simungaiyeserenso pa soketi, choncho onetsetsani kuti ikadali pa V~ ndipo mawaya ake sanasolokoke.

4. Jambulani chithunzi, lembani mawaya. Musanamasule chilichonse, jambulani ndi foni moonetsa waya uliwonse ndi pomwe walowa. Kulungani katepi pa waya uliwonse n'kulemba 1, 2, 3. Chithunzichi chikuthandizani kwambiri pa sitepe 6, musachidumphe.

5. Masulani, muone thanzi la mawaya. Pindani pang'ono nsonga iliyonse. Pulasitiki ikamasweka ngati chikhokho cha nsima, kapena mkuwa utada, kutentha kwa babu kunauphika. Kwa mlongo wanga m'chogwirira cholembedwa 60 W munali babu la 100 W, ndipo masentimita atatu akumapeto anali ofumbutuka. Dulani mpaka pomwe pulasitiki ndi yofewa ndipo mkuwa ukuwala, bola patsale waya wokwanira kufika pa nyale mosakoka. Kuuma kukapitirira mpaka m'paipi yam'denga, lekerani pomwepo, tsekani nsonga m'tizolumikizira, muitane eninyumba. Tepi siichiza waya wotero.

Sendani mamilimita 7 kapena 8 okha, osacheka mkuwa. Waya wa nyale nthawi zambiri ndi wa 1.5 mm², ndipo ukachekeka pang'ono umathyokera pomwepo mukamamanga.

6. Pezani wamoto, nyutulo ndi wapansi. Apa ndiye pagona ntchito yonse, ndipo ndi pokhapo pomwe muyatse magetsi mawaya ali panja. Ngati mtima ukukayika, apa ndi poitanira mmisiri, palibe chamanyazi.

Magetsi akadali ozima, lowetsani waya uliwonse m'kacholumikizira kakekake, mumange, kuti pasaoneke mkuwa. Atalikitseni. Tsikani, chotsani ana m'chipinda, yatsani buleka, yatsani swichi yapakhoma. Kwerani, muimirire bwino, musatsamire khoma kapena felemu ya zenera, zala zikhale kumbuyo kwa kamphete ka pulasitiki ka timitengo ta mita. Muziyeza pa timasikuluwu ta zolumikizira.

Tesita ikuwonetsani woyamba: waya womwe ukuyatsa kanyale mowala ndiye wamoto. Koma tesita imanama. Waya womwe sunalumikizidwe kulikonse, ukangoyenda m'paipi imodzi ndi wamoto, umatha kuyatsa kanyale mozilala. Ndipo mukaima pa thabwa louma dzuwa likuwala, kanyale ka waya wamoto weniweni kamatha kusaoneka. N'chifukwa chake timatsimikiza ndi mita.

Kwa mlongo wanga manambala anali awa. Wakuda ndi wabuluu, 226. Wakuda ndi wobiriwira, 225. Wabuluu ndi wobiriwira, 2. Waya womwe ukupezeka m'miyeso iwiri ikuluikulu ndiye wamoto, apa wakuda. Awiri otsalawo, omwe pakati pawo pali pafupifupi 0, ndi nyutulo ndi wapansi.

Tsono mita yokha singasiyanitse awiriwa, popeza onse amapereka 220 mukawayeza ndi wamoto. Apa bwererani ku chithunzi chija. Waya womwe unalowa pa kasikuluwu kachiwiri ka babu, babu n'kumayaka nawo, ndiye wakhala ukugwira ntchito ya nyutulo. Womwe unamangidwa pa chitsulo, kapena unangopindidwa pambali, ndiye wapansi. Chithunzi, mtundu ndi manambala zikagwirizana, pitirizani. Zikatsutsana, mwachitsanzo babu linkayaka kudzera pa waya wobiriwira, musalote. Zimitsani, muuze eninyumba.

Onaninso muyeso wa wamoto ndi wapansi. Mukaona 0, kapena nambala yosakhazikika ngati 60 kapena 90, waya wobiriwirawo sukupita kulikonse, unangothera m'denga. Uwerengeni ngati palibe. Ngakhale 225 ija imangosonyeza kuti wayawo walumikizidwa penapake. Ubwino wa chitsulo chokhomedwa m'nthaka panja, komwe waya wapansi umathera, amayeza ndi chida china chomwe amisiri amakhala nacho.

Musanatsike, pali muyeso wina womwe anthu amaiwala. Uzani mnzanu azimitse swichi yapakhoma, inu muyezenso wamoto ndi wapansi, kapena mugusitse tesita ngati wapansi palibe. Moto uyenera kuchoka. Kwa mlongo wanga sunachoke: wakuda ndi wobiriwira zinangokhalabe pa 225. Mmisiri amene anakoka mawaya m'nyumbayo anadutsitsa nyutulo pa swichi m'malo mwa wamoto. Babu limazima ndithu, koma moto umakhala pa chogwirira usana ndi usiku, ndipo ndi umene unagwetsa mnyamata uja. Chizindikiro china cha vuto limeneli ndi babu la LED lomwe limanyezimira pang'ono kapena kuphethira usiku swichi ili yozima.

Vutoli simungalikonze posinthanitsa mawaya padenga. Limakonzedwa m'kabokosi kolumikizirana mawaya, komwe m'nyumba zambiri kamakhala pakhoma chakumwamba, ndipo ndi ntchito ya mmisiri wa eninyumba. Inu mangani nyale yanu molondola, muwauze, ndipo mpaka atakonza, aliyense wosintha babu m'chipindamo azigwetsa kaye buleka.

7. Zimitsaninso, muyezenso. Gwetsani buleka yaikulu, bwezerani tepi ija, yezani ngati pa sitepe 3. Kenako lembani pa timatepi L pa wamoto, N pa nyutulo, E pa wapansi. Zolembazi muzisiye, zidzapulumutsa wina wobwera pambuyo panu.

8. Khomani chitsulo chogwira nyale. Padenga la pulayiwudi, la pulasitiki kapena la bolodi yoyera ija, gogodani mpaka mumve pomwe padutsa thabwa, sikuluwu ilowe m'thabwamo. Bolodi payokha imagwira nyale yopepuka basi, ndipo ikanyowa ndi mvula yodontha imasiya. Padenga la simenti gwiritsani mabowo akale ngati akukwana. Mukafuna atsopano, boolani ndi msomali wa dirilo wa mamilimita 6, muike timapulagi ta pulasitiki, koma yang'anani kaye mbali yomwe paipi ya mawaya yalowera kuti muilambalale. Kumbukirani kuti m'nyumba ya eni bowo lililonse latsopano ndi nkhani posamuka. Nyale isalendewere pa mawaya a magetsi ngakhale kwa kanthawi. Mnzanu aigwire, kapena ikoleni ndi kachingwe.

9. Lumikizani. Yambani ndi wapansi, pa kasikuluwu kolembedwa E, PE, kapena ka chizindikiro cha timizere titatu totsikira pansi. Kenako nyutulo pa N, pomaliza wamoto pa L. Ngati nyale yatsopano yabwera ndi timawaya take, kabulawuni ndi ka L, kabuluu ndi ka N. Musadabwe kuona wakuda wa m'denga ukukumana ndi kabulawuni, mukutsata zomwe munayeza.

Pa chogwirira cha babu lopotokola, la E27, wamoto upite ku kalilime kapakati pansi, nyutulo ku chitsulo cha m'mbali chomwe babu limazungulira. Mukasemphanitsa, babu liyaka bwinobwino, koma chitsulo chomwe zala zimakhudza posintha babu chikhala ndi moto. Pa chogwirira cha babu la timapini tiwiri, la B22, lomwe ndi lofala ku Malawi, mbali zonse n'zofanana pokhapokha patalembedwa.

Sikuluwu ilume mkuwa, osati pulasitiki, ndipo kunja kusatsale mkuwa woonekera. Waya wa timaulusi upotoleni kaye kuti kaulusi kamodzi kasatsalire panja. Mukamanga, kokani waya uliwonse pang'ono. Wosolokoka lero ndi womwe ukanadzatentha mawa, chifukwa polumikizira polobodoka pamathetheka n'kusungunula pulasitiki.

Nyale ikakhala yachitsulo, tembenuzirani mita pa chizindikiro cholira, kamtengo kamodzi pa kasikuluwu ka E, kena pa chitsulo chosapakidwa penti. Ilire. Kenako pakati pa L ndi chitsulocho: isalire.

10. Tsekani, yatsani, yang'anirani. Pindani mawaya mofatsa kuti chivundikiro chisawapane ndipo sikuluwu isawaboole. Ikani babu losapitirira mawati olembedwa pa nyale. La LED la 9 W limawalitsa chipinda chimodzi mokwanira ndipo silitentha ngati akale aja. Tsikani, yatsani buleka, kenako swichi. Gusitsani tesita pa chitsulo cha nyale: kanyale kasayake. Siyani iyake mphindi 15, muzimvetsera kulira kwa tchetchetche ndi kununkhiza fungo la pulasitiki. Buleka ikagwa pompo, musaikankhenso kachiwiri: pali mawaya omwe akhudzana, zimitsani mutsegule.

Mukapeza mawaya awiri okha

Zipinda zambiri za lendi zilibe waya wapansi padenga. Pamenepo nyale yachitsulo yofuna wapansi isakwere, ngakhale ikongole bwanji. Gulani yapulasitiki, kapena yomwe ili ndi chizindikiro cha kabokosi kakang'ono mkati mwa kabokosi kena, kutanthauza kuti inakutidwa kawiri ndipo sifuna wapansi. Ndi mawaya awiri mita ingokuuzani kuti pakati pawo pali 220, osanena wamoto ndi uti. Apa yezani waya uliwonse ndi tesita mutatseka makatani kuti kanyale kaoneke bwino, kapena kokani chingwe cha soketi yomwe ili ndi wapansi wabwino, muziyeza waya uliwonse ndi wapansi wa soketiyo.

Zikatembenuka, wapansi ulipo koma nyale ndi yapulasitiki, musaudule. Utsekereni m'kacholumikizira kake n'kuupinda mkati.

Mukapeza mawaya ambiri

Nyumba zina, makamaka zomangidwa ndi amisiri ophunzira ku Malawi, zimalumikizira padenga pomwepo: ofiira awiri kapena atatu omangidwa pamodzi osalowa ku babu, akuda awiri pamodzi, ndi wakuda wina uli payekha, mwina wovala katepi kofiira. Ofiirawo ndi moto wosadutsa pa swichi, ukupitirira ku zipinda zina. Akuda ali pamodziwo ndi nyutulo, amapita pa N. Wakuda wapayekhayo si nyutulo, ndi moto wobwerera kuchokera ku swichi, ndipo ndi umene umapita pa L. Magulu asiyeni momwe munawapezera, gulu lililonse m'cholumikizira chake. Ngati munamasula kale osalemba, itanani mmisiri.

Zolakwika zomwe zimachitika kawirikawiri

Kumanga akuda onse pamodzi padenga la mawaya ambiri. Mukayatsa swichi mumagundanitsa wamoto ndi nyutulo, buleka imagwa, nthawi zina swichi n'kupsa. Mnzake wa cholakwika chimenechi ndi kulowetsa gulu la ofiira pa L: nyale imayaka osazimanso.

Kulumikiza kasikuluwu ka E ku nyutulo poti wapansi palibe. Ndaonapo amisiri enieni akuchita zimenezi, ndipo zimandiopsa kuposa zonse. Tsiku lomwe nyutulo idzaduke penapake, chitsulo chonse cha nyale chidzakhala ndi moto. M'chipinda ngati cha mlongo wanga, momwe swichi imadula nyutulo, zikanachitika nthawi iliyonse munthu akazimitsa nyale. Kumangirira wapansi ku malata nakonso n'koopsa, mumangotumiza moto padenga lonse.

Kupotokola mawaya n'kukulunga tepi. Ndi kutentha kwa pansi pa malata, ulimbo wa tepi umasungunuka, tepi n'kumasuka.

Kuyeza babu lili momwemo. Swichi ikakhala pa nyutulo ndipo yazimitsidwa, moto umadutsa m'babu n'kufika mbali inayo, tesita n'kuyaka pa mawaya onse awiri, inu n'kusokonezeka.

Kukwera pa mgolo wachitsulo kapena mpando wachitsulo opanda nsapato, pansi atangokolopa kumene.

Kuthamangira kugwira munthu amene wagwidwa ndi magetsi. Mnzanu wapansi uja muuziretu musanakwere: choyamba agwetse buleka. Ikakhala patali, akankhe munthuyo ndi mtengo wouma wa tsache, osati ndi manja. Ndipo wogwidwayo akakomoka ngakhale pang'ono, akapsa, kapena akamva mtima ukugunda modabwitsa, apite kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale akunena kuti ali bwino.